Kalata yotseguka kwa a ECZ, a Nduna ya Maboma Ang'ono ndi a khonsolo ya Lusaka: tionetseni pothera wadi yathu

Kwa Wapampando ndi makomishinala a bungwe loyendetsa zisankho la ECZ,
Kwa a Nduna ya Maboma Ang'ono ndi Chitukuko cha Kumidzi,
Kwa a Meya ndi mlembi wamkulu wa khonsolo ya mzinda wa Lusaka,

Olemekezeka,

Pa chisankho cha mu 2016 mzinda wa Lusaka unali ndi mawadi 33. Pofika pa 12 Ogasiti 2021 anali 38. Atatu mwa asanu atsopanowo anabadwira kuno ku Kanyama, kumene ndikulembera kalatayi. Kale tinali ndi mawadi atatu okha, Kanyama, Harry Mwaanga Nkumbula ndi Munkolo, ndipo munawonjezerapo Chinika, Garden Park ndi Makeni Villa. Kugawako kunali kofunika ndipo sindikukutsutsa. Dandaulo langa ndi lakuti mwaima pamsika uliwonse kuno n'kufunsa amayi ogulitsa tomato kuti wadi yawo imathera pati, adzakutchulirani dzina la khansala ngati akumudziwa, adzakutchulirani sukulu imene anavotera, koma malirewo sadzakulozerani. Si umbuli ayi. Malirewo anajambulidwa, anasindikizidwa, ali m'makompyuta anu, koma kwa eni ake sanafike.

Ndiyambe ndi zimene lamulo linakupatsani inu a ECZ, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti khansala kapena a chipani ndiwo amadula mawadi. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, akunena mu gawo 58 kuti ndinu amene mumapereka maina ndi malire a madera a aphungu ndi a mawadi, ndi kuti pasapite zaka 10 musanawaunikenso. Akutinso maina ndi tsatanetsatane wa malirewo azisindikizidwa mu Gazeti ya boma, ndipo malire atsopano amayamba kugwira ntchito pokhapokha Nyumba ya Malamulo kapena makhonsolo akatsekedwa kukonzekera chisankho. N'chifukwa chake ntchito yodula mawadi imene munagwira mu 2019 anthu anaionera pa pepala lovotera la mu 2021. Khansala wosankhidwa mu 2016 anakhalabe ndi wadi yake yonse mpaka nthawi yake itatha.

Gawo 59 ndilo limakuuzani zoyang'ana podula. Muziona mbiri ya malo ndi mgwirizano wa anthu ake. Muziona kuchuluka kwa anthu, kumene chiwerengero chikulowera ndi mmene chidzakhalire m'tsogolo. Muziganizira mayendedwe, mitsinje ndi mapiri. Wadi ikhale yonse m'kati mwa boma limodzi, isadumphire m'boma lina. Ndipo muziyesetsa kuti mawadi akhale ndi anthu ofanana ndithu m'chiwerengero, komabe osaiwala kuti m'tauni ndi kumadera a anthu otalikirana nakonso kuyimiridwe mokwanira. Mfundo zimenezi n'zabwino zonse, koma zimakokana. Mukatsata chiwerengero chokha mudula pakati komboni imene anthu ake amatunga madzi pampopi umodzi. Mukatsata mgwirizano wokha, khansala mmodzi asenza anthu ochuluka kuposa boma lathunthu la kumudzi. Ndiye kuti pa mzere uliwonse pali mfundo imene munaikweza ndi ina imene munaitsitsa, ndipo ife tikufuna tizidziwa kuti pa mzere wathu munakweza iti.

Tiyeni tiwerenge za Kanyama. Kalembera wa mu 2010 anapeza anthu pafupifupi 365,000 m'dera la phungu wa Kanyama. Pa mawadi atatu, khansala aliyense anali ndi anthu oposa 120,000. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti tapitirira 500,000. Tikagawa ndi mawadi asanu ndi imodzi, khansala aliyense ali ndi anthu oposa 83,000. Mawadi munawawirikiza kawiri, koma katundu wa khansala anatsika ndi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, chifukwa pamene inu munkadula ife tinkachulukabe.

Tsono muyerekeze ndi dziko lonse. Mu 2021 Zambia inali ndi mawadi 1,858, kuchoka pa 1,624 a mu 2016, ndipo kalembera wa mu 2022 anapeza anthu pafupifupi 19.6 miliyoni. Zimenezi zikupereka anthu pafupifupi 10,500 pa wadi imodzi. Boma la Lusaka linali ndi anthu 2.2 miliyoni mu 2022, ndipo pa mawadi 38 ndi anthu pafupifupi 58,000 pa khansala mmodzi. Wa ku Kanyama akusenza pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa wa pakatikati m'dziko muno. Sindikupempha kuti Lusaka ikhale ndi mawadi oposa 200 kuti tifanane ndi ena onse. Holo ya khonsolo singawakwane, thumba la malipiro awo silingapirire, ndipo ndikudziwa kuti khansala wa ku Luangwa kapena ku Rufunsa amayenda mtunda umene wathu sauyenda. Lamulo lenilenilo linalola kusiyana kotere. Koma m'kati mwa mzinda umodzi chifukwa cha mtunda sichigwira. Ngati wadi ya kumayadi ili ndi anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi wadi ya kukomboni, pomwe makhansala onse awiri amakhala m'holo imodzi ya pa Independence Avenue ndipo aliyense ali ndi voti imodzi pokambirana bajeti, ndiye kuti mawu a munthu wa kukomboni amapepuka pogawa misewu ndi ngalande. Apa ndi pamene tikufuna kuona manambala a wadi iliyonse atayalidwa pambali pa mapu.

Pali chinanso chimene chinachitikira ntchito ya mu 2019, chosachokera kwa inu. Kalembera amayenera kuchitika mu 2020, koma anachedwa mpaka 2022. Kalembera womaliza amene munali naye podula anali wa mu 2010, ndipo chotsala chinali kuyerekeza za kukula kwa anthu ndi kuyang'ana kaundula wa ovota. Zinali ngati telala kusoka yunifolomu ndi muyezo umene anamuyeza mwana zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Kumudzi kumene anthu sasinthasintha, kuyerekeza kumayandikira zoona. Kumalire a Lusaka sikutero. Malo amene mu 2010 anali famu kapena dambo, pofika 2019 anali mapuloti okhaokha. Tsopano manambala a mu 2022 alipo, ndipo bungwe la ZamStats limawerenga anthu m'tizigawo ting'onoting'ono timene tingaphatikizidwe n'kupereka chiwerengero cha wadi iliyonse. Palibenso chifukwa chodulira wadi ya mu Lusaka mongoyerekeza.

Kaundula wa ovota ndikupempha musamudalire kwambiri poyeza kukula kwa wadi. Lamulo likunena za anthu okhalamo, osati ovota okha. Kukomboni ana ndi ochuluka, ndipo mwana savota koma amafuna kiliniki, sukulu ndi chimbudzi. Alendi amasamuka pakakwera lendi, lero ku John Laing, chaka chamawa ku Chibolya kapena ku Garden House, koma dzina lawo limatsala pamalo pamene analembetsera mpaka atapita okha kukalisamutsa. Wina amagona ku Kanyama koma analembetsera pafupi ndi kuntchito kwake m'tauni. Kaundula amakuuzani kumene anthu adzaime pamzere tsiku lovota. Sakuuzani kumene amagona, ndipo khansala amatumikira anthu kumene amagona.

Kadulidwe kake kenikeni anthu ambiri sakudziwa, ndiye ndikufotokozereni owerenga anzanga pamaso pa eni ntchito. Njerwa yoyamba ndi kadera kovotera, kamene anthu ake amalembetsa ndi kuvota pamalo amodzi, kawirikawiri pasukulu kapena paholo ya tchalitchi. Timadera tingapo totere tikaphatikizana timapanga wadi. Mawadi amapanga dera la phungu, madera a aphungu amakhala m'kati mwa boma, maboma m'kati mwa chigawo. Choncho kugawa wadi kwenikweni n'kusankha kuti timadera tovotera iti tipite uku ndipo iti titsale, ndi kudula timene takula kwambiri. A ECZ amabwera m'boma lililonse n'kukhala pansi ndi oitanidwa: makhansala, aphungu, a zipani, mafumu kumene aliko, a mipingo, a mabungwe ndi akatswiri a mapulani a khonsolo. Mlembi wamkulu wa khonsolo ndiye amakhalanso woyang'anira zisankho m'bomalo. Maganizo amaperekedwa, mizere imajambulidwa pa mapu a pakompyuta, kenako malire amalembedwa m'mawu kuti akalowe mu Gazeti.

Mawu amenewo ndi a anthu oyeza malo. Amayambira pamphambano yakutiyakuti, kutsata msewu chakumadzulo mpaka pabikoni ya famu nambala yakuti, kukhotera kumwera motsata malire a famuyo mpaka pamtsinje, n'kubwerera poyambira. Ku Kabulonga kapena ku Rhodes Park zimenezi zimamveka, chifukwa misewu ili ndi maina ndipo mapuloti ali ndi manambala. Kukomboni famuyo inatha kale. Bikoni ili pansi pa khitchini ya munthu, kapena anaizula ana. Malire a famu amene mzere ukutsata tsopano akudutsa pakati pa nyumba zomangidwa mothinana, mwina pakati pa nyumba imodzi ya zitseko zisanu ndi chimodzi. Munthu angakhale wophunzira bwanji, atagwira Gazeti m'manja, sangaime pakhomo pake n'kunena motsimikiza kuti ali mbali iti.

Kale kusadziwa kumeneku kunkapweteka kamodzi pa zaka zisanu. Lero kukupweteka chaka chilichonse, ndipo apa ndikutembenukira kwa inu a Nduna. Lamulo la maboma ang'ono la mu 2019 linakhazikitsa komiti ya chitukuko mu wadi iliyonse, yokhala ndi nthumwi zosankhidwa kuchokera m'mazoni, timagawo ting'onoting'ono ta wadiyo. Mazoniwo amagawa ndi a khonsolo, osati a ECZ. Mu 2022 ndalama za CDF, za chitukuko cha madera a aphungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zakhala zikukwerabe. Khomo lolowera ku ndalama zimenezi ndi komiti ya wadi. Kalabu ya amayi yofuna thandizo, mnyamata wofuna basale yokaphunzira ukalipentala, makolo a mwana wopita kusekondale yogonera komweko, onse amayambira ku wadi kwawo.

Tiyerekeze mayi amene wakhala m'nyumba imodzi kuyambira kale, ndipo nthawi yonseyi amadziwa kuti ali mu wadi ya Kanyama. Mzere watsopano unadutsa kuseri kwa nyumba yake n'kumuika mu wadi ina. Palibe anamuuza. Pa chisankho anavotera pasukulu yomwe ija, ndipo pa mapepala anayi amene anapatsidwa, la pulezidenti, la phungu, la meya ndi la khansala, anangoyang'ana chizindikiro cha chipani. Chaka chotsatira atenga fomu ya basale ya mwana wake kupita nayo ku komiti imene amaidziwa. A komiti akuti zoni yake kulibe pamndandanda wawo, apite kwa anzawo. Kwa anzawoko samudziwa, akuti abwere ndi umboni wakuti amakhala m'dera lawo. Pofika nthawi imene zonse zalongosoka, tsiku lomaliza kulandira mafomu lapita. Palibe amene waba kanthu kapena kuphwanya lamulo, koma mwana wakhala pakhomo chaka chathunthu. Zomwezo zingamugwere wofuna kupikisana pa ukhansala: amafunika anthu asanu ndi anayi olembetsa mu wadiyo oti amuvomereze, ndipo ngati mmodzi wa iwo ali tsidya lina la mzere, mapepala ake akhoza kukanidwa tsiku lomwelo.

Ndionjezepo pang'ono za ngalande, popeza ku Kanyama nkhani iliyonse imathera pa madzi. Wojambula mapu amakonda msewu waukulu kapena ngalande kukhala malire, chifukwa ndi chinthu chooneka chimene sichisuntha. Ndikumumvetsa. Koma chinthu chikakhala malire chimasowa mwini. Komiti ya mbali iyi imati ngalandeyo ndi ya mbali inayo, a mbali inayo amatero nawonso, ndipo posankha ntchito zoika patsogolo aliyense amasankha chimene chili m'kati mwenimweni mwa wadi yake. Kuno nthaka ndi yosaya, pansi pali thanthwe, mvula ikagwa madzi salowa msanga, ndipo kolera ya mu 2017 mpaka 2018 ndi ya mu 2023 mpaka 2024 tonse tikuikumbukira. Pamene mzere watsata ngalande kapena msewu, khonsolo ilembe poyera kuti chinthucho chili m'manja mwa komiti iti, kapena kuti ndi ntchito ya khonsolo yeniyeniyo. Dziwaninso kuti kugawa wadi sikuwonjezera CDF. Pambuyo pa chisankho cha mu 2021 makomiti asanu ndi imodzi a ku Kanyama anayamba kugawana thumba lomwe lija limene akanagawana atatu, ndipo thumbalo n'lofanana ndi la dera la phungu lokhala ndi anthu ochepa kwambiri kuposa ife.

Tsopano za midzi. M'kati mwa mzinda wa Lusaka mulibe nyakwawa yogawa malo, ngakhale kuti dzina la mzindawu linachokera kwa mfumu ya mudzi yotchedwa Lusaaka, likulu lisanasamukire kuno mu 1935. Koma mzinda unasefukira kale kunja kwa boma lake. Kum'mawa, ku Silverest ndi ku Palabana, ndi boma la Chongwe, dziko la Asoli pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Ngakhale bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili ku Chongwe. Kumwera ndi mbali ina ya kumadzulo ndi boma la Chilanga. Kumpoto, mukangotsata msewu wa ku Kabwe kufika ku Ten Miles, mwalowa m'boma la Chibombo, kwa Mfumu Mungule ya Alenje, ndipo mwatuluka m'chigawo cha Lusaka kulowa m'chigawo cha Pakati.

Kumeneko kuli mizere ya mitundu itatu yosanjikizana, ndipo uliwonse uli ndi mwini wake. Malire a boma si a ECZ. Maboma amakhazikitsidwa ndi Pulezidenti, ndipo pa kalembera wa mu 2010 anali oposa pang'ono 70 koma pofika 2021 anali 116. Chilanga, Rufunsa ndi Shibuyunji ndi ena mwa maboma amene anabadwa m'zaka zimenezo. Boma latsopano likabadwa, a ECZ amakakamizika kukonzanso mawadi kuti asadumphe malire atsopanowo. Malire a ufumu nawo si a ECZ. Pakabuka mkangano pakati pa mafumu, chimene chimatulutsidwa ndi mapu a mu 1958, a nthawi ya atsamunda. Ndipo malire a mudzi sali pa mapu ena alionse ovomerezeka amene munthu wamba angakagule. Lamulo la kalembera ndi chitukuko cha midzi la mu 1971 linalamula kuti mudzi uliwonse ukhale ndi buku la anthu ake, losungidwa ndi nyakwawa. Bukulo limalemba anthu, silijambula malo. Pothera mudzi amapadziwa ndi akuluakulu: pachulu chija, pamtengo wa mkuyu, pakamtsinje, kuseri kwa manda. Mudzi ukakula, mfumu ikhoza kulola kuti wina akhale nyakwawa ya mudzi watsopano, ndipo palibe belu limene limalira ku Longacres kudziwitsa a ECZ kuti midzi yachuluka.

Ndiye taganizirani munthu amene anagula puloti ku Ten Miles kwa nyakwawa. Dzina lake lalowa m'buku la mudzi. Amagwira ntchito ku Kamwala, amakwera minibasi m'mawa uliwonse kulowa m'tauni, akadwala amathamangira kuchipatala cha ku Matero kapena cha kukomboni ya Chipata. M'mutu mwake ndi wa ku Lusaka. Koma meya wa Lusaka savotera, khansala wake amakakhala pa khonsolo ya Chibombo kutali panjira ya ku Kabwe, phungu wake ndi wa Katuba, ndipo akafuna kuti malo ake achoke m'manja mwa mwambo akhale a taitolo, lamulo la malo la mu 1995 limafuna chilolezo cha mfumu ndi cha khonsolo ya kumeneko. A ECZ sangamulowetse mu wadi ya Lusaka ngakhale atafuna, chifukwa gawo 59 likuwaletsa kudumpha boma. Ine sindikunena kuti Ten Miles ilandidwe kwa Achibombo. Ndikunena kuti wadi imene inadulidwa ngati ya midzi yotalikirana tsopano ili ndi anthu othinana ngati kukomboni, ofuna ngalande ndi kotaya zinyalala, ndipo poiunikanso muiyeze ngati tauni.

Kumidzi yeniyeni vuto limakhala lina. Mzere wa wadi ukadutsa pakati pa mudzi, nyakwawa imodzi imakhala ndi makhansala awiri, anthu a buku limodzi amapita ku makomiti awiri, ndipo mjigo umodzi umapemphedwa kawiri kapena supemphedwa konse. Choopsa kwambiri ndi pamene wadi yatenga midzi ya mafumu awiri, kapena yapatsidwa dzina la mbali imodzi. Anthu amaona ngati malo a makolo awo asamutsidwa. Mwalamulo si choncho. Mzere wa wadi susuntha malire a ufumu, susintha mwini munda, suchotsa nyakwawa. Umangonena kumene munthu adzavote ndi khansala amene adzamuyimire. Koma mfundo imeneyi iyenera kunenedwa mokweza pabwalo la mfumu, m'chilankhulo cha eni malo, mzere usanajambulidwe, osati pambuyo pamene anthu atulutsa kale nkhwangwa. Mafumu ali nawo kale malo m'makhonsolo, popeza malamulo aakulu amalola mafumu osapitirira atatu kukhala m'khonsolo ya boma lawo. Koma mfumu yaikulu siingadziwe chulu chilichonse. Odziwa ndi nyakwawa, ndipo iwo kawirikawiri amamva zitatha.

Inu a Nduna muli ndi mwayi umene anzanu a pakati pa 2011 ndi 2021 analibe. Kuchokera mu 2021 nkhani za mafumu zinalowa mu unduna womwewo umene umayang'anira makhonsolo. Mabuku a midzi ndi mazoni a makomiti a wadi tsopano ali pansi pa denga lanu limodzi. Lamulani kuti khonsolo iliyonse yozungulira Lusaka ikhale ndi mndandanda wamakono wa midzi yake, wosonyeza mudzi uliwonse ndi wadi yake ndi zoni yake, ndipo mndandandawo uperekedwe kwa a ECZ asanabwere kudzadula. Sikuti mujambule malire a mudzi uliwonse ndi makina, chifukwa ntchito imeneyo ingautse milandu yambiri kuposa imene ingathetse. Kungodziwa kuti mudzi wakuti uli pano, ndipo usang'ambidwe pakati, n'kokwanira.

Mwina mudzandiyankha kuti misonkhano yofunsa anthu inachitika ndipo oimira anthu analipo. Inachitikadi. Koma taonani amene amakhala kutsogolo m'misonkhano yotere. Khansala amene ali pampando amadziwa timadera tovotera timene tinamupatsa mavoti ndi timene tinamukana, chifukwa zotsatira zimamatidwa pamalo ovotera alionse. Akamati kadera aka kapite ku wadi yatsopano, angakhale akunena za mtunda wa kukiliniki, angakhalenso akuchotsa anthu amene samufuna. Wa chipani chotsutsa naye amawerenga chimodzimodzi. Sindikuloza munthu chala, ndikungonena kuti amene mpando wake ukudalira mzere sangakhale mboni yokhayo ya mzerewo. Njira yodziwira ngati mzere ndi wolungama ilipo ndipo si yovuta. Muone ngati mawadi awiri otuluka m'kugawako ali pafupi m'chiwerengero cha anthu. Muone ngati mzerewo ukutsata chinthu chimene mwana wa sukulu angachiloze. Muone ngati pali anthu amene akudutsa sukulu yapafupi kukavotera kutali. Mzere umene ukukhotakhota popanda msewu, njanji kapena mtsinje woukhotetsa uyenera kufunsidwa kuti ukuzemba chiyani.

Mudzanenanso kuti wosakhutira ali ndi kopita, ndipo n'zoona: gawo 58 lomwelo limalola munthu kupempha khoti loona za malamulo aakulu a dziko kuti liunikenso chigamulo cha a ECZ pa malire. Koma munthu amadandaula chimene wachiona. Wogulitsa makala wa ku Munkolo sangalembe loya kukatsutsa mzere umene adzaudziwe patapita zaka ziwiri, pamene fomu yake yabwezedwa. Ndipo khoti ndi malo omalizira. Zolakwika zambiri za malire n'zazing'ono, zoti zingakonzedwe ndi pensulo ngati wina wa pamalopo ataona mapu nthawi ikadalipo.

Chimene ndikupempha kwa inu a ECZ n'chakuti pakati pa msonkhano wa paboma ndi Gazeti pakhale sitepe ina. Mapu oyeserera a wadi iliyonse imene ikusintha asindikizidwe aakulu, pa chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba chimene munthu angazindikirepo denga la msika ndi bwalo la mpira, mzere wakale ndi watsopano zikuoneka ndi mitundu yosiyana. Amatidwe pasukulu iliyonse yovotera, pamsika, pakiliniki, ndipo kumidzi apite kwa nyakwawa. Pansi pake palembedwe chiwerengero cha anthu a wadi iliyonse malinga ndi kalembera wa mu 2022, ndi chifukwa chodulira pamenepo m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina za pamalopo. Mupatse anthu mwezi wathunthu woti abweretse madandaulo ku ofesi ya khonsolo, ndipo pomaliza munene amene mwawamvera ndi amene mwawakana. Mapu a pakompyuta muli nawo kale, mtengo wake ndi wa pepala ndi inki.

Kwa inu a Meya ndi a mlembi wamkulu, pempho langa silikudikira kudula kwina kulikonse. Mawadi amene alipo lero ali ndi malire ovomerezeka, ndipo mazoni munagawa ndinu. Ofesi ya wadi iliyonse ikhale ndi mapu ake pakhoma, osonyeza mazoni ndi dzina la nthumwi ya zoni iliyonse, asanayambe kulandira mafomu a CDF a chaka chikubwerachi. Ndipo fomu ya munthu amene wasochera wadi isabwezedwe m'manja mwake. Komiti imene yailandira iidinde tsiku limene yafika n'kuitumiza yokha ku komiti yoyenera, kuti tsiku lowerengedwa likhale limene mayi uja anafika koyamba.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika yokhala ku Kanyama, Lusaka